Kukumbutsa kasitomala ngongole yaing'ono popanda kudana naye: mafunso ndi mayankho

Ndimagulitsa pa takishopu ku Mufakose, pakhomo pamene makolo anga anakhazikika atachoka ku Ntcheu. Amene amandifunsa mafunso awa ndi anzanga a malonda ang'onoang'ono muno mu Harare: amayi a tomato ndi ndiwo zamasamba, atelala, ometa tsitsi, ogulitsa nkhuku. Ngongole zimene ndikukamba pano ndi za $3, $10, mwina $20, zimene munthu wakutengera katundu n'kulonjeza tsiku, tsikulo n'kudutsa. Anzathu Achishona amati chikwereti. Za ngongole zikuluzikulu za mapangano olembedwa ndi maloya ndazisiya.

Tsiku limene tinagwirizana ladutsa. Ndidikire masiku angati ndisanalankhule?

Masiku awiri kapena atatu, osapitirira sabata. Ambirife timalakwitsa pomwepa. Timakhala chete poganiza kuti tikumulemekeza munthuyo, koma kukhala chete kumene kuja n'kumene kumawononga ubale. Pa tsiku lachitatu, kukumbutsa ndi nkhani yopepuka, munthu amangoti "pepani, ndinatanganidwa." Pakatha milungu isanu inuyo mumakhala mutadzaza mkwiyo mumtima, iyenso wadzaza manyazi, ndipo mawu alionse amene mungatulutse amamveka ngati mlandu.

Chinanso ndi chakuti ndalama m'nyumba za anthu athu sizigona. Munthu akalandira malipiro kapena akatenga ndalama imene mwana wake watumiza pa Mukuru kuchokera ku Joni, pamakhala mzere wa zoyembekeza: lendi, tokeni ya magetsi, mukando wa gulu losonkherana ndalama, fizi. Amene wayamba kulankhula ndi amene amalipidwa. Amene wachita ulemu n'kudikira amapeza m'thumba mwauma, osati chifukwa kasitomalayo ndi woipa, koma chifukwa ndalamayo inali yochepa kale. N'chifukwa chake ndimafunsa tsiku lolandirira pa nthawi yokongoza pomwe, ndipo ndimalilemba m'kabuku pambali pa dzina. Ngati munthu amalandira pa 25, kumukumbutsa pa 12 mwezi wotsatira n'kungomuvutitsa chabe. Ndimadziwanso kuti Januwale, Meyi ndi Seputembala ndi miyezi yotsegulira sukulu, ndipo ndimayembekezera kuti ngongole zichedwa.

Ndimuuze pamaso, ndimuimbire foni, kapena ndilembe pa WhatsApp?

Ngati munthuyo mumaonana naye tsiku ndi tsiku, muuzeni pamaso, koma pawiri. Pawindo la shopu pamene pali ana atatu odzagula maputi ndi amayi awiri odikira tchenji, si malo ake. Ine ndimamugulitsa kaye chimene wadzera, kenako ndimatuluka n'kumuperekeza masitepe angapo, monga momwe timaperekezera mlendo aliyense. Nkhani imatha tisanafike pa geti.

Meseji ndi yabwino kwa munthu amene simukumana naye kawirikawiri, ndiponso kwa munthu wamanyazi kwambiri, chifukwa imamupatsa mpata woganiza yankho popanda maso anu kumuyang'ana. Imasiyanso umboni wa nambala ndi tsiku. Foni ndimaisiyira kumapeto. Munthu akaona dzina lanu likulira pa foni ali pakati pa anzake mu kombi, sayankha, ndipo akalephera kuyankha kamodzi amayamba kuopa foni yanu iliyonse. Nthawi nayonso muziiganizira. Meseji ya ngongole yofika 6 koloko m'mawa kapena usiku anthu atagona imamveka ngati kuopseza, ngakhale mawu ake akhale ofatsa.

Nanga mawu ake enieni ndi otani? Ine lilime limandilemera.

Ndikupatsani nkhani imodzi yonse kuti muone mmene imayendera. Bambo wina wa mumsewu mwathu, wogwira ntchito yaulonda m'tauni, anatenga katundu maulendo atatu m'mwezi umodzi. Koyamba ufa wa makilogalamu 10 pa $6 ndi mafuta ophikira pa $3.50. Kachiwiri shuga pa $2.50. Kachitatu anatuma mwana kudzatenga buledi awiri ndi kasopo, $2.50. Zonse pamodzi $14.50, ndipo tinagwirizana kuti adzapereka pa 28. Pa 28 panadutsa, pa 30 panadutsa. Pa 1 ndinamulembera chonchi:

"Mwaswera bwanji achimwene, kunyumba ali bwanji alamu ndi ana? Ndimati ndikukumbutseni za kabuku kaja. Pali $14.50 ya ufa, mafuta, shuga, buledi ndi sopo, imene tinapangana ya pa 28. Lachisanu ndikupita kukaoda katundu. Kodi mungathe kundipatsa pofika Lachinayi madzulo? Ngati yonse siingatheke, ndiuzeni imene ingatheke."

Muli moni weniweni poyamba, chifukwa kwathu munthu sayamba nkhani asanafunse za moyo, koma moniwo ndi wamfupi. Mukautalikitsa, munthu amazindikira kuti mukuzungulira, ndipo moni wanu wa masiku ena onse amayamba kuukayikira. Muli nambala yeniyeni ndi katundu wake. Mawu oti "kandalama kaja" ndi oipa, chifukwa m'mutu mwa bamboyo mwina munali $12, ataiwala buledi amene anatuma mwana. Muli chifukwa choona chimene ndikufunira ndalamayo, ndipo chifukwacho sichikunena za khalidwe lake, chikunena za shopu. Pomaliza muli funso limene lili ndi tsiku, ndi khomo lotulukira ngati alibe yonse.

Taonaninso zimene mulibe. Mulibe "pepani kukuvutitsani" katatu. Mukapepesa kwambiri mumamuuza munthu kuti kufunsa kwanu n'kolakwa, ndipo iye amakhulupirira. Mulibenso "ndinakuthandizani pamene munali pamavuto", mawu amene amabweretsa ndalama nthawi zina koma kasitomala sabweranso.

Bamboyo anayankha madzulo kuti kampani yawo yachedwa kulipira ndipo ali ndi $5 yokha. Ndinailandira Lachinayi lomwelo, n'kulemba m'kabuku iye akuona: $14.50 kuchotsa $5, yatsala $9.50. Tinagwirizana $5 ina Lachisanu la sabata yotsatira ndi $4.50 pa 15. Ya pa 15 inafika pa 17. Sindinanenepo kanthu za masiku awiriwo.

Amangoti "ndibweretsa, musadandaule." Nditani?

"Ndibweretsa" si tsiku. "Mawa" wa pa ngongole nayenso si tsiku. Yankhani mokoma koma mum'bwezere ku kalendala: "Zikomo amayi. Ndilembe liti, Loweruka kapena Lolemba?" Munthu akatchula tsiku ndi pakamwa pake, ulendo wotsatira simukhala mukumukakamiza ndi mawu anu, mumangom'kumbutsa mawu ake.

Apa ndi pamene mungasiyanitse amene wasowa ndi amene akuzemba. Wosowa amatchula chifukwa chogwirika, amavomera kupereka pang'ono ngakhale $1, ndipo nthawi zambiri amabwera yekha kudzanena kuti tsiku lija lalephereka. Wozemba amalonjeza yonse nthawi imodzi, tsiku limasuntha ulendo uliwonse, chifukwa chimakhala chatsopano nthawi zonse, ndipo kupereka pang'ono amakana, amati "ndikufuna ndidzangomaliza kamodzi." Wosowayo mupatseni nthawi, ndi kasitomala wanu wa zaka zikubwerazi. Wozembayo musakangane naye, ingotsekani kabuku kake.

Kukumbutsa ndimachita katatu. Koyamba monga ndalembera pamwambapa. Kachiwiri tsiku lotsatira pa tsiku limene anatchula yekha. Kachitatu pamaso, ndipo ndimanena poyera kuti katundu wa ngongole ayamba waima mpaka kabuku katsike. Kulemba meseji tsiku lililonse sikufulumizitsa ndalama, kumangochititsa kuti munthu asiye kutsegula mameseji anu.

Kasitomala wanga wayamba kudutsa njira ina ndipo akugula pa shopu ya mnzanga. Ndalama ali nayo, koma akuipereka kwina. Zikundiwawa.

Zimawawadi, ndipo funso ili ndi limene ndimalitenga kukhala lalikulu kuposa onse. Koma mvetsani chimene chikuchitika. Munthuyo ali ndi $1 ya buledi wa lero. Akabwera nayo kwa inu akuopa kuti muilanda n'kuiika pa ngongole, ana agone ndi njala, kapena mumuyang'ana ndi diso lofunsa. Ndiye amapita nayo kwina. Mukatero mwataya kawiri: ngongole siinabwere, ndipo malonda a tsiku ndi tsiku apita kwa wina. Kasitomala wogula za $1 tsiku lililonse amakubweretserani pafupifupi $30 pa mwezi. Kumutaya chifukwa cha $10 n'kuluza.

Mankhwala ake ndi kumumasula ndi mawu omveka. Mukakumana naye, kapena pa meseji, nenani kuti: "Achemwali, ngongole ija isakuletseni kubwera. Mukabwera ndi ndalama yogulira, ndikugulitsani monga aliyense, sindikhudza. Za kabuku tizikamba pazokha." Ndipo mawu amenewa muwasunge. Akabwera ndi $5 kudzagula za $2, m'patseni tchenji chake chonse. Musadule nokha. Mukhoza kufunsa motsitsa mawu kuti "kodi ndiikepo dola imodzi pa kabuku?" koma akakana, perekani tchenji osasintha nkhope.

Njira imene yandithandiza kwambiri kwa anthu olandira ndalama za tsiku ndi tsiku, monga ogulitsa ku Mbare Musika kapena ogwira maganyu, ndi yoonjezera pang'ono pa zogula. Timagwirizana kuti akagula aziikapo masenti 50 kapena dola pamwamba. Ngongole ya $8 imatha m'milungu iwiri kapena itatu, munthu osamva kulemera, ndipo mapazi ake sanasiye kubwera pawindo langa.

Moninso musaudule. Mukakumana ku chitsime kapena ku maliro, m'patseni moni wa masiku onse, osatchula ndalama. Munthu akazindikira kuti angathe kukumana nanu popanda kufunsidwa, amasiya kuthawa.

Akuti ndalama ndikunenayo si yoona, iye akudziwa yochepa.

Osakweza mawu. Tsegulani kabuku, muwerenge naye mzere ndi mzere: tsiku, katundu, mtengo, amene anadzatenga. Mikangano yambiri ya mtundu uwu imachokera pa katundu wotengedwa ndi ana kapena wantchito, ndiye dzina la wodzatenga ndi lofunika kulilemba. Masiku ano wina akatuma mwana, ndimatumiza meseji nthawi yomweyo kuti mwana watenga chakuti, kabuku kafika pakuti.

Kumbukiraninso kuti inuyo mungakhale ndi ngongole kwa iye. Muno mu Harare timagulitsa ndi madola a ku America koma makobidi ake kulibe, ndiye kangati timauza kasitomala kuti "masenti 50 anu mudzatenga mawa"? Iye amawawerenga ngakhale inu mwaiwala. Muyambe ndinu kuwatchula n'kuwachotsa pa ngongole. Ngati pali chinthu chimene simunalembe ndipo iye akuchikana, chisiyeni. Dola imodzi imene mulibe nayo umboni isakutayitseni madola khumi amene iye akuvomera.

Anatenga katundu pa mtengo wa madola, koma akufuna kubweza mu ZiG kapena pa EcoCash. Ndilandire?

Landirani. ZiG, ndalama ya dziko lino la Zimbabwe, inayamba mu Epulo 2024 ndipo anthu ambiri amalandira gawo la malipiro awo mmenemo, ndiye kukana kungachedwetse ngongole yanu popanda chifukwa. Chofunika ndi kunena zinthu ziwiri musanalandire. Choyamba, ngongole inalembedwa mu ndalama iti. Ine ndimalemba chizindikiro cha ndalama pa mzere uliwonse, ndipo ngati inalembedwa m'madola, timawerengera pa reti ya tsiku lobweza, imene ndikugwiritsa ntchito kwa makasitomala onse tsiku limenelo, osati reti yapadera yomulanga. Amene tinaona mmene ndalama inkathera mphamvu mu 2008 tikudziwa chifukwa chake zimenezi zimanenedwa poyamba.

Chachiwiri, potumiza ndalama pa foni kudzera pa EcoCash kapena InnBucks pamakhala ndalama yodulidwa, ndipo potulutsa imadulidwanso. Gwirizanani kuti ilowa kwa yani. Pa ngongole yaing'ono yochedwa, ine nthawi zambiri ndimalola kuti yotulutsira ikhale yanga, bola nkhani ithe. Koma musafafanize m'kabuku chifukwa cha chithunzi cha meseji chimene wakutumizirani. Dikirani meseji ifike pa foni yanu ndipo muone kuti balansi yakwera. Ikafika, yankhani nthawi yomweyo kuti "yafika, zikomo, yatsala yakuti."

Amene ali ndi ngongole ndi munthu wamkulu, mnzawo wa malemu bambo anga. Ndingawafunse bwanji?

Apa meseji siigwira. Agogo otere amafunika kuwapitira kunyumba, kukhala pansi, kufunsa za miyendo ndi za kumudzi, kenako n'kuika nkhaniyo ngati vuto lanu limene mwabwera nalo kwa kholo: "Agogo, shopu ija yandithina sabata ino, katundu watha. Ndimati ndione ngati pa $7 ija pangapezeke kena kake." Nambala muitchulebe, ulemu suletsa kutchula nambala. Achikulire ambiri a kuno amadalira penshoni yochepa kapena ndalama yochokera kwa ana, choncho funsani kuti ana amatumiza liti, mudzabwere nthawi imeneyo.

Kwa wachibale kapena mnzanu wa mumpingo, vuto ndi lakuti iye mwina sakuiona ngati ngongole, akuiona ngati thandizo. Pamenepa cholakwa chimakhala chakumayambiriro, pamene simunanene poyera. Mawu amene amandithandiza ndi akuti ndalama ya shopu si yanga ndekha, ndi ya katundu wa mawa. Zimenezi ndi zoona: pa buledi mmodzi ndimapindula masenti 10, ndiye $14.50 ikapanda kubwera ndiyenera kugulitsa buledi 145 kuti dzenjelo litsekeke. Ndikawerengera wachibale chonchi amamvetsa msanga kuposa ndikadandaula. Za ngongole musakambire pa bwalo la tchalitchi kapena pa msonkhano wa bungwe la maliro.

Ngati pakhomopo pagwa maliro kapena wina wagonekedwa ku chipatala, tsekani pakamwa milungu ingapo. Pitani kukapepesa, perekani chipepeso chanu, ndipo chipepesocho musachichotse pa ngongole. Ndi zinthu ziwiri zosiyana.

Ndingauze mkazi wake, kapena kulemba dzina lake pa pepala pashopu kapena pa sitetasi?

Ayi. Dzina pakhoma, pa sitetasi kapena pa gulu la WhatsApp la mumsewu ndi mapeto a ubale, ndipo makasitomala ena onse amene aona amayamba kuganiza kuti tsiku lina adzakhala iwo. Ngakhale sitetasi yopanda dzina, ya "ena amadya bwino koma kubweza ayi", aliyense amene ali m'kabuku mwanu amaitenga ngati yake. Mwana musamutume uthenga wa ngongole, ndipo musamubweze chimanjamanja pamaso pa anzake. Muuzeni kuti "uwauze amayi andiimbire." Za mkazi kapena mwamuna wake, muuzeni pokhapokha ngati onse awiri amatenga katundu pa kabuku kamodzi ndipo onse akukadziwa. Apo ayi mungayatse moto m'banja la eni chifukwa cha madola asanu.

Ndionjezere kachiwongoladzanja chifukwa wachedwa?

Ngati simunagwirizane poyamba, musaonjezere. Mukatero mwasanduka wakatapila m'maso mwake, achimbadzo monga amanenera kuno, ndipo mwam'patsa chifukwa chokanira ngongole yonse.

Nanga kupolisi kapena kukhoti?

Munthu amene anatenga katundu mwa mgwirizano n'kulephera kubweza sanabe, ndipo apolisi kawirikawiri amakuuzani kuti ndi nkhani ya khoti la milandu ya pakati pa anthu. Kumuopseza ndi apolisi kumangomukwiyitsa. M'dziko muno muli makhoti a milandu ya ndalama zochepa, amene amakhala ku makhoti a majisitireti, ndipo munthu angathe kudziyankhulira yekha. Lamulo limanenanso kuti ngongole wamba ikatha zaka 3 osaitsata kukhoti imatha mphamvu, ndipo munthu akaivomera zaka zija zimayambanso kuwerengedwa. Ichi ndi chifukwa china chosungira meseji imene iye wayankha kuti "inde, ndikudziwa." Koma pa $15, ndalama ya kombi, ya mapepala ndi masiku otseka shopu zimaposa ngongoleyo. Ngati mukufuna munthu wachitatu, pezani wamkulu mmodzi amene nonse mumamulemekeza, ndipo muyambe mwamuuza kasitomalayo kuti mukufuna mukhale pansi atatu. Asamve kwa ena kuti nkhani yake yatuluka.

Ndi liti pamene ndiyenera kungoisiya?

Mukakumbutsa katatu, mwapereka mwayi wobweza pang'onopang'ono, miyezi itatu yadutsa popanda ngakhale senti, ichotseni pa ndalama zimene mukuyembekezera. Ngati munthuyo wagwa m'mavuto enieni, ntchito yatha kapena matenda, ndipo mwasankha kumukhululukira, muuzeni. Musangokhululuka mumtima, chifukwa iye apitiriza kukuthawani pa ngongole imene kulibe. Ngati ndi wozemba, dzina likhale m'kabuku, azigula ndi kashi, moni uzipitirira.

Wamaliza kubweza. Akabweranso kudzakongola ndim'patse?

Choyamba fafanizani iye akuona, lembani tsiku, muthokoze, ndipo za kuchedwa kuja musadzazitchulenso, ngakhale mwanthabwala. Kenako yang'anani mmene anabwezera, osati kuchedwa kokha. Amene anachedwa koma ankayankha mameseji ndi kupereka pang'onopang'ono, ndimam'patsanso, koma ndi malire otsika ndi tsiku lomveka. Bambo wa ulonda uja anabweranso mwezi wotsatira kudzapempha ufa. Ndinamuuza kuti kabuku kake tsopano kazifika pa $10 basi, ndipo popeza kampani yawo imachedwa, tsiku lobweza tilichotse pa 28 tiliike pa 5. Anavomera, anatenga ufa wa $6, ndipo pa 4 anatuma mwana ndi ndalamayo itakulungidwa m'kapepala.